Ngolo Imene Inkakoka Ng'ombe za Bambo

Ine sindinama. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa anthu akamva nkhani zanga amayamba kuyang'anana, ena mpaka kundifunsa ngati ndadya. Zonse zimene ndilembe pano zinachitikadi, ndipo mboni zilipo, kungoti zambiri zinapita ku Joni ndipo manambala awo sagwira.

Chaka chimene ndinali Fomu 3 pa sekondale yoyendera ya kwathu, cha kwa Chulu, tinalandira mphunzitsi watsopano wa sayansi. Anali mayi wamfupi wochokera kumpoto, woti akakhala kuseri kwa tebulo munkangoona magalasi ndi choko. Tinkangowatchula kuti Madamu. Sukulu yathu inalibe labu. Inali ndi kabati imodzi yolembedwa kuti labu, ndipo mkatimo munali sikelo yothyoka, maginito amene anaiwala kalekale ntchito yake, ndi mavu. Mavuwo okha ndiwo ankagwira ntchito.

Lamulo la pasukulu linali lakuti zonse zizilankhulidwa m'Chingerezi. Madamu ankalimvera ndithu. Ankalemba pabolodi m'Chingerezi, ife n'kukopera, poti mayeso amabwera m'chilankhulo chimenecho. Akatha ankapita kukatseka chitseko, n'kupukuta magalasi pa chitenje, n'kunena kuti, "Tsopano tiyeni timve zimene talembazi." Apo ndiye ankayamba Chichewa chawo chokwera ndi kutsika ngati msewu wa kumapiri.

Sabata ya malamulo atatu a kayendedwe ka zinthu, analowa m'kalasi atanyamula khasu ndi chipika. Anzanga a kumbuyo anayamba kuvula nsapato poganiza kuti ndi chibalo.

"Ndani pano sadziwa kugulula khasu mumpini?" anafunsa.

Palibe anakweza dzanja. Kwathu mwana amadziwa kugulula khasu asanadziwe kumanga lamba.

Madamu anazunguza mpini, khasu litaloza pansi, n'kumenyetsa khosi la mpiniwo pachipika. Khasu linaguluka n'kugwera pansi.

"Mpini waima chifukwa wagunda chipika. Nanga khasu laimitsidwa ndi ndani?"

"Palibe, Madamu."

"Ndiye lapitiriza ulendo wake. Lamulo loyamba ndi lomwelo. Chinthu chokhala chimakhalabe, choyenda chimayendabe pa liwiro lomwelo, molunjika momwemo, mpaka china chichikankhe kapena chichikoke. Zinthu zili ndi makani, ana inu. Si inu nokha."

Mnyamata wina anafunsa chifukwa chake njinga imaima munthu akasiya kupalasa. Madamu anati njinga siitopa ayi, pali zoiimitsa: mchenga umene matayala amamiramo, kukhulana kwa zitsulo, mpweya umene umakumenya pachifuwa. "Chotsani zonsezo, pa msewu wosalala wopanda chitunda, mupalase kamodzi kokha. Mukadzidzimukira ku Zambia, apolisi akukufunsani mapepala."

Lamulo lachiwiri anatiphunzitsira panja, ndi njinga yawo yomwe. Mtsikana wina anaikankha yopanda kanthu, inanyamuka msangamsanga. Kenako anakwezapo mnyamata wonenepa kuposa onse m'kalasi, amene ankalemera ngati belo la fodya lodinda bwino, nati mtsikanayo akankhe ndi mphamvu yomweyo. Njinga inanyamuka ngati ikupita kumaliro. "Mukakankha kwambiri, liwiro limasintha msanga," anatero Madamu. "Katundu akachuluka, kukankha komweko kumasintha liwiro pang'onopang'ono. Katundu akawirikiza kawiri, kanyamukidwe kamatsika ndi theka. N'chifukwa chake njinga ya belo imavuta kunyamutsa, imavutanso kuimitsa."

Lamulo lachitatu linabwera Lachinayi, m'phunziro lomaliza. Madamu anatsamira khoma ndi manja awiri nati khomalo likuwakankha ndi mphamvu yofanana ndi imene iwo akulikankhira, apo ayi akanagwera m'Fomu 4. Chinthu chikakankha kapena kukoka chinzake, chinzakecho chimabweza ndi mphamvu yofanana, koma molozera kwina. "Ngakhale ng'ombe ikamakoka ngolo, ngoloyo imakokanso ng'ombe mofanana. Tsono mufunsa kuti nanga zimayenda bwanji..." Pomwepo belu linalira, ndipo kalasi yonse inatuluka ngati mbuzi zotsekulidwa m'khola. Ine ndinanyamula theka la phunziro n'kupita nalo kunyumba. Theka la phunziro ndi loopsa kuposa umbuli wathunthu.

Bambo anga anali mlimi wa fodya wa bale, mkulu wa mpingo wodziwika poweruza milandu ya mabanja, komanso mwini ngolo ndi ng'ombe ziwiri, yakuda ndi yamawanga. Ng'ombezo ankazikonda moti Amayi ankati pa mndandanda wa chikondi iwo ndi achitatu, ndipo sankadandaula poti ife ana tinkayambira pa nambala folo. Bambowo ndinawapeza akumasula goli pansi pa mtengo wa mango, ine n'kuima pambali ndi yunifolomu yanga ngati mlendo wochokera ku boma.

"Ababa, mukudziwa kuti ngoloyi imakoka ng'ombe zanuzi?"

Bambo anayang'ana ngolo, anayang'ana ng'ombe, kenako ine.

"Ikamatsika chitunda?"

"Ayi. Nthawi zonse zikamaikoka. Mphamvu imene ng'ombe zimakokera ngolo kutsogolo ndi yomweyo imene ngolo imakokera ng'ombe kumbuyo. Ndi lamulo."

"Lamulo la boma?"

"La sayansi."

"Chabwino, mayi a sayansi. Anthu awiri akamakokana chingwe ndi mphamvu yofanana, amapita kuti?"

"Sapita kulikonse."

"Nanga ine ndimafika bwanji kudimba?"

Ndinatsegula pakamwa, koma munalibe kanthu. Ndikulumbira, ntchentche inalowa, inayendera mbali zonse, n'kutuluka osapeza chilichonse.

Bambo sanakalipe. Anakoloweka goli pamphanda mwaulemu wonse. "Ngati zimene mukuphunzira ndi zimenezo, ndiye kuti nazale ikukusowa kuposa sukulu. Fodya wakula, mvula yayamba, manja ndi ochepa. Tsiku limene udzandiyankhe funso langa, udzavalanso yunifolomuyo."

Mawu a Bambo ankakhala ngati chitsa cha muwanga. Mawa lake ndinali kudambo ndi kheni, kuthirira nazale, kenako kuzula mbande, kenako kuwokera m'mizere. Ndinanyamula makheni ambiri sabata imeneyo moti mpaka lero dzanja langa lamanja ndi lalitali kuposa lamanzere, ndipo telala wanga angachitire umboni. Koma kuseka kunali kutandithera. Mayeso otsekera teremu anali atatsala milungu iwiri. Ndinkadziwa atsikana awiri a m'kalasi mwathu amene anachoka nyengo yowokera ngati yomweyi, akuti kwa sabata imodzi yokha. Wina panthawiyo anali ndi mwana kumbuyo. Ndinkatsegula kope langa masana aliwonse, koma m'kopemo munali lamulo lokha, m'Chingerezi chabwino kwambiri, lopanda yankho la funso la Bambo.

Zinali zaka za makuponi. Loweruka la sabata yotsatira tinapita ndi ngolo kudepoti kukatenga feteleza, matumba athu awiri ndi a anansi amene analibe chonyamulira. Mzere wa tsiku limenelo sindidzauiwala. Mayi wina anafola ndi nkhuku yoti akagulitse, pofika kutsogolo anali ndi anapiye asanu ndi awiri. Ndinawawerenga ndekha. Dzuwa litapendeka tinali titakweza matumba khumi ndi awiri, ndipo Bambo akumanga chingwe, ndinamva mawu okwera ndi kutsika aja kumbuyo kwanga.

"Odi, bambo. Ndine mphunzitsi wa mwana wanuyu. Njinga yanga yaphwa, ndipo ndikupita cha kwanu komweko. Mungandithandize?"

Madamu analibe kuponi, analibe munda, ndipo nyumba yawo inali pasukulu, mbali ina kotheratu. Tayala la njinga linalibe minga kapena bala. Kavalavu kokha ndi kamene kanali komasuka, ndipo zala zawo ziwiri zinali zakuda. Ine sindikunena kanthu. Ndikungofotokoza zimene ndinaona.

Mkulu wa mpingo sangakanize mphunzitsi ngolo. Bambo anakweza njinga pamwamba pa matumba, Madamu n'kukhala pambali panga. "Yewo, bambo," anatero. Ulendo wonse ankafunsa za fodya, za mvula, za msinkhu wa ng'ombe. Za sukulu sanatchule n'kamodzi komwe.

Pakati pa depoti ndi mudzi wathu pali dambo la makande. M'mawa tinadutsa bwinobwino, koma masana kunagwa mvula kumtunda. Bambo anaziimbira likhweru ng'ombe kuti zilowe ndi liwiro. Zinalowadi mothamanga, kenako mawilo anamira, ngolo n'kuima nthawi imodzi. Ine sindinaime. Ndinadutsa pamwamba pa matumba, ndinadutsa paphewa pa Bambo, ndinapereka moni kwa mbalame ziwiri zimene ndinakumana nazo m'njira, n'kukatera m'matope pambali pa ng'ombe yakuda.

Madamu, amene anali atagwira chingwe cha katundu, anasuzumira pansi.

"Wavulala?"

"Ayi, Madamu."

"Wakukankha ndani?"

"Palibe. Ngolo yaima, ine ndapitiriza ulendo."

"Ngati chiyani?"

"Ngati khasu."

Bambo anatembenuka. "Khasu lalowa bwanji pamenepa?" Ndinawafotokozera ndikuchotsa matope m'makutu. Anangoti "Hm," koma ndinaona kuti mawuwo awasunga.

Anayesa likhweru, anayesa kuopseza ndi chikwapu, chimene sankamenyera ng'ombe koma mpweya wokha. Ng'ombe zinakoka mpaka misana kupindika, ziboda zikuterereka, ngolo osasuntha. Bambo anatsika n'kuyamba kumasula chingwe. Tinatsitsa njinga ndi matumba asanu ndi limodzi, n'kuwasenzera kutsidya pouma, poti feteleza ndi madzi sagwirizana. Madamu anasenza nawo. Thumba linkaoneka ngati likuyenda lokha pa timiyendo tiwiri.

"Bwanji mwatsitsa, bambo?" anafunsa akupuma.

"Aphunzitsi, funso limenelo ngakhale mwana wa mkaka angayankhe. Katundu akachepa mawilo samira kwambiri. Komanso ngolo yopepuka imanyamuka msanga."

"Zifukwa ziwiri, ndipo zonse ndi zoona. Chachiwiricho ndi chimene ndinatha nacho tsiku lonse m'kalasi. Inu mwachinena m'mawu anayi."

Bambo anakhosomola ngati munthu amene sakufuna kuti aoneke kuti wakondwa. Anatenga chikwanje pansi pa mpando, nadula nthambi ndi tsekera, nayala kutsogolo kwa ng'ombe, pamene ziboda ziponde. Anafukulanso matope kutsogolo kwa mawilo.

"Nanga nthambizo bwanji mukuyala kwa ng'ombe? Yamira ndi ngolo."

"Kuti zipeze popondera. Ng'ombe yopanda popondera ndi nyama chabe."

Madamu anapita kukaima kumbuyo kwa ng'ombe, cha pambali, pafupi kwambiri ndi ziboda. Bambo anawachenjeza. Iwo anati akufuna aone bwino. Likhweru litalira, yamawanga inaponda pamene nthambi sizinafike, chiboda chinaterereka, n'kuponya matope kumbuyo. Onse anathera pa Madamu. Pamene panali mphunzitsi panatsala chulu chovala magalasi. Izi sindikuwonjezera, chiswe chinayamba kale kufunsira malo.

Chulucho chinavula magalasi n'kulankhula.

"Bambo, matopewa apita kuti, kutsogolo kapena kumbuyo?"

"Kumbuyo. Pepani, aphunzitsi."

"Musapepese, ndimafuna omwewa. Ndiye kuti ng'ombe imakankha nthaka chakumbuyo?"

"Ikankhe chakutsogolo ndi yamisala?"

Pamenepo Bambo anaimika ng'ombe, n'kutsamira chikwanje. Anali atazindikira kumene nkhani ikulowera, ndipo sanali munthu wothawa mlandu.

"Aphunzitsi, tisazungulire. Munauza mwanayu kuti ngolo imakoka ng'ombe zanga."

"Ndinatero, koma belu linandidula ndili pa theka la phunziro. Tabwerani muone." Anapita kwa yakuda, nakweza goli pang'ono. Kutsogolo kwa linunda ubweya unali utathothoka, khungu litauma chikang'a. "Anachita izi ndani?"

"Goli."

"Goli lili lokha m'khola lingachite izi?"

Bambo anasisita chikang'acho nthawi yaitali. "Ayi. Ndi katundu wa kumbuyoku."

"Ndiye kukoka kwa ngolo kumeneko. Inu mumakuona tsiku lililonse pomasula."

"Chabwino, imakoka. Koma mukuti mofanana. Zikanakhala zofanana tikanagona m'dambo muno mpaka tsiku lachiweruzo."

Ndinayembekeza kuti Madamu atsanula yankho, ine ndipulumuke. Iwo anangopukuta magalasi pa kansalu kokha kouma kamene kanatsala, m'mphepete mwa mpango wanga.

"Anzake a m'kalasi andiuza kuti funsolo munafunsa mwana wanu, si ine. Ine ndingomukumbutsa chinthu chimodzi. Ndamva kuti inu mumaweruza milandu ya mabanja. Mumamva onse awiri akulankhula nthawi imodzi?"

"Ayi. Aliyense payekha."

"Wamva, iwe? Aliyense payekha. Yamba ndi ng'ombe."

Ndinaima m'matope ofika m'akakolo. Sukulu yanga yonse inali pa lilime langa. Ndinayang'ana chikang'a chija, ndinayang'ana nthambi pansi pa ziboda, ndinayang'ana matope pankhope pa Madamu.

"Mlandu wa ng'ombe," ndinayamba. "Ngolo ikuzikokera kumbuyo, pakhosi. Koma si yokhayo imene ikuzigwira. Ng'ombe zikukankha nthaka chakumbuyo, ndiye nthaka ikubweza, ikuzikankha chakutsogolo, paziboda. Nthaka ikapambana ngolo, ng'ombe zimanyamuka. Pamatope zimaterereka, sizingakankhe nthaka mwamphamvu, nayonso nthaka siingazikankhe mwamphamvu. N'chifukwa chake mwayala nthambi."

"Pitiriza," anatero Bambo.

"Mlandu wa ngolo. Ng'ombe zikuikokera kutsogolo. Matope akugwira mawilo, akuikaniza. Ng'ombe zikapambana matope, ngolo imanyamuka. N'chifukwa chake mwafukula kumawilo."

"Nanga zofanana zija zapita kuti?"

"Zilipo, Ababa, ndipo n'zofananadi. Koma imodzi yagwira ngolo, inayo yagwira ng'ombe. Sizili pa chinthu chimodzi, ndiye sizingathetsane. Ngolo siimva kukoka kwake komwe. Imamva kwa ng'ombe ndi kwa matope basi."

"Nanga a chingwe aja?"

Apa ndinadabwa kumva pakamwa panga pakuyankha pokha. "Nawonso amakokana mofanana nthawi zonse, ngakhale wina akupambana. Amapambana ndi amene waponda pogwira. Muimike chimphona pamatope, ine pouma, ndichikoka."

Bambo anayang'ana nthambi zija pansi pa ziboda. Chule wina wa m'dambo ndinamuona akugwedeza mutu.

"Ndiye kuti zaka zonsezi," anatero potsiriza, "imene imandifikitsa kudimba ndi nthaka?"

"Nthaka ndi ng'ombe pamodzi, bambo," anayankha Madamu. "Nthaka siikankha waulesi. Imabweza zimene yapatsidwa."

"Hm. Limenelo likhoza kulalikidwa."

Anawonjezera nthambi mbali ya yamawanga, ine ndi Madamu tinagwira kumbuyo kwa ngolo, likhweru linalira. Ziboda zinagwira, mawilo anatuluka m'makande ndi phokoso ngati la ng'ombe yozula mwendo m'chithaphwi, ngolo n'kukwera kutsidya. Tinakwezanso matumba aja. Za sukulu Bambo sananene kanthu, ndipo ine sindinayerekeze kufunsa.

Titafika kunyumba, Amayi anawapatsa Madamu madzi osamba ndi chitenje chawo cha ku Chigwirizano. Bambo anatenga pampu kuti akonze njinga. Anaunika tayala mbali zonse, anamanga kavalavu, anapopa, tayala n'kulimba osatulutsa mpweya ngakhale pang'ono.

"Minga ya masiku ano ndi yaulemu, aphunzitsi," anatero. "Imamasula valavu, osaboola."

"Enya, bambo. Dziko likusintha."

Madamu anakwera njinga yawo n'kubwerera kumene tinachokera, kuzungulira dambo, ulendo wa maola awiri, atavala chitenje cha eni ake.

Lamulungu linadutsa popanda mawu. Lolemba m'mamawa ndinadzuka, ndinamanga mpango, ndinatenga kheni. Ndinapeza Bambo pansi pa mtengo wa mango, goli lili pamiyendo. Anali akulikulunga ndi nsanza za bulangete lakale, pamalo pamene limakhudza khosi, n'kumamanga ndi luzi mosamala ngati akumanga bala la munthu.

"Kheniyo ukupita nayo kuti?"

"Kunazale, Ababa."

"Kunazale kuli mayeso?"

Ndinaika kheni pansi pang'onopang'ono, kuopa kuti angasinthe maganizo ikalira.

"Ukawauze aphunzitsi ako kuti belu likamalira asanamalize, azikutsekerani chitseko. Theka linalo ndi limene lili ndi nzeru." Anakoka luzi ndi mano. "Ndipo chitenje cha amayi ako abweze."

Ndinavala yunifolomu, ndinathamanga. Ndinathamanga kwambiri moti nthaka ya kwa Chulu inabwerera m'mbuyo pang'ono, ndipo Madamu nditawauza anati zimenezo, mwa zonse zimene ndinanenapo, ndi zokhazo zimene angazivomereze pamayeso.